Mawu a Amalume pa Tsiku la Ukwati

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Mvula yatha, chimanga chalowa m'nyumba, ndipo Loweruka lililonse kuyambira ku Chileka, kudutsa pa Lunzu mpaka ku Lirangwe, zimkuzamawu zayamba kulira. Ndi nyengo ya maukwati. Lero tikucheza ndi munthu mmodzi pa anthu onse a pa ukwati, amene amuuza kuti, "Inu ndinu mudzayankhule m'malo mwa akuchikazi." Munthu ameneyu sagona tulo. Amalemba, nafufuta, nalembanso, koma zomwe watsala nazo papepala n'zomwe tinamva kale pa ukwati wa sabata yatha. Ndili ndi mayi amene anaphunzitsa Chichewa zaka zambiri kudera la Chileka, ndipo kuyambira pomwe anapuma ntchito anthu amawapezera kunyumba ndi mapepala awo kuti awakonzere. Aphunzitsi, takulandirani.

APHUNZITSI: Zikomo bambo, ndalandiridwa. Koma ndikonze pang'ono: ine sindiwalembera. Ndikawalembera ndiye kuti mawuwo ndi anga, ndipo vuto lija labwereranso. Ine ndimangowafunsa mafunso mpaka atatopa nane.

WOULUTSA: (kuseka) Mwatibweretsera pepala lenileni lero.

APHUNZITSI: Ee, mwini wake anandilola, bola tisatchule mayina. Ndi bambo wa ku Lirangwe, mlimi, amagulitsanso mbuzi. Amene amakwatiwa ndi mwana wa mchemwali wake. Paja kuno kwathu kummwera, m'mabanja ambiri amalume ndiye mwini mbumba, ndiye pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo sangathawe chimkuzamawu. Mnyamata ndi wa ku Chileka, mmisiri womanga nyumba. Madyerero anali mu holo ina ku Chileka konkuno, ndipo woyendetsa mwambo anawapatsa amalumewo mphindi zitatu. Tamverani zomwe analemba poyamba, nditadumpha malonje.

(PHOKOSO LA PEPALA)

"Choyamba ndithokoze Mulungu chifukwa cha tsiku lalikulu limeneli. Lero ndi tsiku la chisangalalo kwa ife akuchikazi. Mwana wathuyu ndi mwana wabwino, waulemu, womvera ndiponso wolimbikira ntchito. Ana inu, banja si masewera. Banja ndi kupirira. Banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mwamuna ndi mutu wa banja, ndiye iwe mwana wathu uzimvera amuna ako. Mukayambana musamatulutsire nkhani pabwalo. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Musatichititse manyazi. Posafuna kuchulutsa gaga m'diwa, ndilekere pomwepa."

WOULUTSA: Aphunzitsi, ndinene chilungamo, ine sindikuonapo cholakwika. Mawu onsewa ndi oona.

APHUNZITSI: Oona ndithu, ndipo palibe angawakwiyire. Koma tandiuzani, mwana amene akukwatiwayo ndi wotani? Mwamva chiyani za iye?

WOULUTSA: Kuti ndi wabwino, waulemu...

APHUNZITSI: Alipo malume amene anaimirira pa ukwati n'kunena kuti mwana wake ndi wamwano? Palibe. Ndiye mawu amenewo sakutiuza kanthu. Ali ngati suti yobwereka: wavala ndithu, koma aliyense akuona kuti manja ake atalika. Muyeso wanga woyamba ndi wapafupi. Tengani pensulo, werengani chiganizo chilichonse mokweza, ndipo mudzifunse kuti, kodi chiganizo chimenechi ndingakachinene pa ukwati wa mwana wa munthu wina ku Mdeka popanda kusintha liwu? Ngati yankho ndi ee, chidutsitseni mzere. Musachifufute, mungochidutsitsa mzere, chifukwa china tidzachifuna.

WOULUTSA: Amalumewo atatero panatsala chiyani?

APHUNZITSI: Panatsala pepala la mizere yokhayokha. Anandiyang'ana nati, "Mayi, ndiye ndikanene chiyani?" Ine ndinati tiyambe taona chomwe chikuvuta m'mawu amene tadulawa, chifukwa si kutha ntchito kokha. Taonani, anena kuti wachitatu ndi kapasule. Patangopita ziganizo ziwiri, akuti mutu umodzi susenza denga. Nanga anawa agwire ziti? Ndipo kutsogolo komweko kwakhala ankhoswe a mbali zonse ziwiri, anthu amene pachinkhoswe analandirana tambala ndi msoti, kulonjeza kuti nkhani ikavuta m'nyumbamo iwo ndiwo adzayamba kuitanidwa. Amenewo si achitatu? Mawu obwereka amatero, amagundana okhaokha mwini wake osazindikira, chifukwa sanawaganize, anangowatola.

Chachiwiri n'chakuti malangizo onsewa anawa anawamva kale. Anawamva pachinkhoswe pomwe ankapatsidwa khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko. Anawamva kwa alangizi a kumpingo. Mtsikana anawamvanso kwa azimayi patsiku lake lolangizidwa. M'mawa womwewo abusa alalikira za banja ndi mavesi ake onse. Amalume akabwereza, akulanda ntchito ya anthu ena n'kusiya yawo.

WOULUTSA: Yawo ndi iti?

APHUNZITSI: Umboni. Mu holo monsemo, ngakhale mutadzaza chotani, ndi anthu owerengeka amene anamuona mtsikanayo akukula. Akuchimuna akumudziwa wavala velo. Ntchito ya amalume ndi kuwauza apongozi kuti munthu amene mukulandirayu ndi uyu, ndipo ndikudziwa chifukwa ndinaona ndi maso angawa.

WOULUTSA: Tsono munthu umakumba bwanji zimenezo? Ambiri ukatifunsa za mwana wathu timangoti, "Aa, ndi mwana wabwino basi."

APHUNZITSI: Apa ndi pomwe timabwerera ku mawu tinadula aja. Analemba kuti "wolimbikira", "waulemu". Liwu lililonse lotere ndimalifunsa funso limodzi: munaona liti? Osati mumadziwa bwanji, ayi. Munaona liti, kunali kuti, inu munali mutakhala pati, iye ananyamula chiyani m'manja? Poyamba amalumewo ankangozungulira. Akuti amathandiza mayi ake. Ndinati kuthandiza chiyani? Akuti ntchito zapakhomo. Ndinati tsiku liti? Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anayamba kutulutsa nkhani, ndipo zinatuluka zitatu.

Yoyamba inali yoseketsa. Mtsikanayo ali wamng'ono anathamangitsidwa ndi tonde pamsika wa Lirangwe mpaka anakabisala pansi pa benchi la wogulitsa tomato. Yachiwiri inali ya mnyamata wina amene anabwera kudzafunsira zaka zapitazo, mtsikanayo n'kumukana pamaso pa anthu. Amalumewo ankaikonda imeneyi, akuti ikusonyeza kuti mwanayo sanali wotengeka.

WOULUTSA: Imeneyo anthu akanaseka kwambiri.

APHUNZITSI: Akanaseka, koma mkwati akanaseka? Mayi ake a mkwati? Ndipo wokanidwa uja mwina abale ake ali momwemo, Lirangwe ndi Chileka si kutali, anthu amakwatirana ndi kugulitsana mbuzi. Pa ukwati dzina la mwamuna wina kapena mkazi wina silitchulidwa, ngakhale mwanthabwala. Chimodzimodzi matenda, ngongole, kulephera mayeso, kukodza pamphasa ali mwana, ndi ndalama zomwe inu munalipira kusukulu. Yomalizayi amalume ambiri amagwa nayo. Amayamba bwino, kenaka nkhani yonse yasanduka ya iwo, momwe anavutikira kumuphunzitsa mwanayo. Mukawerenga pepala lanu n'kupeza kuti "ine" wachuluka kuposa "iye", mwasochera.

Ya tonde ija ilibe vuto, koma ilibenso kumene ikupita. Anthu aseka, basi. Sikutiuza kuti mkazi ameneyu adzakhala wotani m'nyumba.

WOULUTSA: Nanga yachitatu?

APHUNZITSI: Yachitatu anainena monyinyirika, akuyang'ana pansi. Mukukumbuka 2016. Mvula inadula msanga, ndipo kumadera otentha ngati Lirangwe minda inauma chimanga chisanabereke. Pakhomo pa mchemwali wawo ankadya kamodzi patsiku, madzulo. Mtsikanayo anali ndi zaka 15, ndipo ndiye ankaphika chifukwa mayi ake ankabwera mochedwa kuchokera kuganyu. Amalumewo akapita kukawaona ankazindikira kuti mwanayo amapakula nsima, kugawira azing'ono ake, koma iye osakhala pansi. Ukamufunsa ankati, "Ndadyera kukhitchini." Tsiku lina anamutsatira mwakachetechete. Anamupeza wathira madzi mumphika, akukokota nkhoko ndi chipande, ndiye chakudya chake chimenecho. Atawaona anaika chala pakamwa, kuwapempha kuti asawauze mayi ake.

(KANTHAWI KACHETE)

WOULUTSA: Mhm. Koma Aphunzitsi, si kuyalutsa banja kumeneko? Kunena za njala pamaso pa apongozi?

APHUNZITSI: Funso limenelo ndi lofunika, ndipo yankho lake silichokera kwa ine. Ndinawauza zinthu ziwiri. Choyamba, yang'anani kuti nkhaniyo ikumukweza ndani, ikumutsitsa ndani. Njala ya chaka chimenecho sinali ya khomo limodzi, a ku Chileka nawonso anaiona, ndiye palibe angaloze chala. Koma mukainena mosasamala, mayi ake a mtsikanayo aoneka ngati munthu amene sankaona kuti mwana wake sakudya. Choncho m'mawumo muyenera kuikamo kuti mayiwo anali kuganyu, akusakira ana omwewo. Chiganizo chimodzi chokha chimenecho chimateteza ulemu wa munthu. Chachiwiri, nkhaniyo ili ndi eni ake awiri, mtsikanayo ndi mayi ake. Pitani mukapemphe. Akakana, yatha, tifuna ina. Ndipo kumbukirani kuti mtsikanayo anapempha kuti mayi ake asauzidwe. Simungalole mayi kumva chinthu chotere koyamba pa chimkuzamawu, anthu ali tcheru, wojambula kanema atamuloza kumaso.

WOULUTSA: Anapita?

APHUNZITSI: Anapita. Mtsikanayo anavomera, nati iye mwini ndiye awauza mayi ake. Akuti mayiwo anamuyankha kuti ankadziwa kalekale, n'chifukwa chake ankamubisira kachinangwa m'nsalu pochokera kuganyu. Mwaona? Kulira kwawo analirira kunyumba, patsikulo anabwera okonzeka.

WOULUTSA: Ndiye nkhani yapezeka. Mawu atha?

APHUNZITSI: Ayi, pepala loyamba lija linali ndi dzenje lina lalikulu. Bwererani mukamve, mkwati mulibemo. Akungotchulidwa kuti mutu wa banja, ngati udindo wa mu ofesi. Koma theka la anthu mu holomo ndi abale ake, ndipo akudikira kumva ngati akuchikazi amuona mwana wawo. Makamaka kuno komwe timadziwa za chikamwini, ndi miyambi yathu ija yonyoza mkamwini, mawu a amalume onena za mnyamata amalemera kwambiri. Ndiye ndinafunsanso funso lomwe lija: munamuona liti? Apa sanavutike. Mu Malichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagwetsa khoma la khitchini ya mchemwali wawo. Nthawi imeneyo mnyamatayo anali atangoonekera kumene kwa akuluakulu. Mvula itadula anabwera pa njinga kuchokera ku Chileka ndi zipangizo zake, namanga khomalo osauzidwa ndi munthu. Ndipo chomwe amalumewo anaona n'chakuti atamuikira chakudya, sanasambe m'manja mpaka atafunsa ngati ophikawo asiyako chawo.

WOULUTSA: Aa! Ndiye nkhani ziwirizi zikukumana.

APHUNZITSI: Zikukumana pambale. Amalumewo sanazione mpaka atazinena motsatizana, kenaka anawomba m'manja okha. Sikuti nthawi zonse zimagwirizana bwino chonchi, ndipo musakakamize. Zikapanda kukumana, nenani chinthu chimodzi choona chokhudza mnyamatayo, ngakhale chaching'ono, n'kupitirira. Chomwe sindilola n'chopeka. Ngati mkamwini simukumudziwa, funsani ankhoswe kapena mayi a mtsikana, ndipo ponena munene kuti munamva kwa iwo.

WOULUTSA: Tiwerengereni tsono momwe zinathera.

APHUNZITSI: Malonje ali pamwamba, tikambapo. Akatha malonje akuti:

(PHOKOSO LA PEPALA)

"Inu a ku Chileka, mwana mukumuona mu veloyu ine ndinamunyamula asanamere mano. Ndikuuzeni chinthu chimodzi chokha. Chaka cha njala chija cha 2016, mchemwali wanga ankachoka m'mamawa kupita kuganyu, kubwera dzuwa litalowa, kusakira anawa. Ankaphika ndi uyu, ali ndi zaka 15. Akapakula, azing'ono ake onse alandire, iye osakhala pansi. Ukafunsa, akuti ndadyera kukhitchini. Tsiku lina ndinamutsatira. Ndinamupeza akukokota nkhoko mumphika. Anandiona, naika chala pakamwa. Ndasunga chinsinsi chimenecho mpaka lero, ndipo wandilola yekha kuti ndiulule.

"Inu akamwini, nanunso ndinakuonani. Freddy atagwetsa khitchini yathu munabwera pa njinga, palibe anakutumani. Titakuikirani nsima, munayamba mwafunsa ngati ophika asiyako yawo. Tsiku limenelo ndinauza mchemwali wanga kuti uyu tisamubweze.

"Ndiye malangizo ndilibe, abusa ndi ankhoswe amaliza. Ndili ndi pempho limodzi. Mkazi wanuyu akadzakuuzani kuti ndadya kale, musadzamukhulupirire. Mudzadzuke, mukaone mumphika. Ndipo iwe mwana wanga, kumene ukupitaku, uzikhala pansi uzidya. Mulungu akudalitseni nonse awiri."

WOULUTSA: (atapuma kaye) Aphunzitsi, mwandigwira pakhosi. Koma ndaona kuti mulibe mwambi ngakhale umodzi. Kodi miyambi mukuiletsa?

APHUNZITSI: Ine wophunzitsa Chichewa ndiletse miyambi? Ayi. Ndimaletsa kuunjika. Mwambi umagwira ntchito ukabwera nkhani itanenedwa kale, kuti uikhomere. Ukabwera m'malo mwa nkhani ndiye kuti woyankhulayo wabisala kumbuyo kwake. Ngati mukuufuna, umodzi, pambuyo pa nkhani, ndipo ukhale wogwirizana nayo. Pamawu awa tinayesa kuikapo, tinaona kuti ukuphimba pempho lija, tinauchotsa. Taonaninso kuti liwu loti "wabwino" mulibemo, "wolimbikira" mulibemo, koma aliyense watuluka akudziwa. Ngakhale kupirira kuja kulimo, kungoti amalumewo akukutembenuza: mwanayu kupirira amakudziwa kale mopitirira muyeso, chomwe akufunika kumva n'chakuti nayenso azisamalidwa. Mawu akuti "banja ndi kupirira" kwa mtsikana wotere ndi oopsa, chifukwa adzapirira ndi zosayenera kupirira zomwe. Langizo limodzi silikwanira ana onse.

WOULUTSA: Munati tikamba za malonje. Amenewo si obwerezabwereza nawonso?

APHUNZITSI: Ndi obwerezabwereza, koma pensulo ija isafikeko. Kulonjera mafumu, abusa, ankhoswe ndi makolo a mbali zonse ndi ulemu, ndipo mukadumpha a gulupu amene akhala kutsogolo, nkhani yanu yokoma ija palibe adzaikumbuke, adzakumbuka mwano. Kuthokoza Mulungu nakonso kusiyeni ngati ndi chikhulupiriro chanu. Chomwe mungachite ndi kufupikitsa. Funsani woyendetsa mwambo mwambo usanayambe kuti ndi mafumu ati afika ndipo maudindo awo ndi otani, chifukwa kutcha gulupu kuti nyakwawa ndi mlandu. Wamkulu mumutchule, ena onse muwaphatikize m'magulu. Malonje asapitirire theka la mphindi.

WOULUTSA: Mphindi zitatu zija zimakwanadi?

APHUNZITSI: Zimakwana ngati mwayeza. Musayeze ndi maso. Imirirani kuseri kwa nyumba, tsegulani wotchi ya pafoni, muwerenge mokweza ngati mukuyankhula ndi agogo osamva bwino. Pa chimkuzamawu munthu ayenera kuyankhula modekha kuposa pocheza, chifukwa mu holo mawu amabwerera, ndipo anthu akaseka kapena kululutira muyenera kuwadikira. Choncho ngati kunyumba zakutengerani mphindi zitatu zathunthu, dziwani kuti mu holo zipitirira, dulanipo. Ine ndimati kunyumba zithere pa ziwiri ndi theka. Ndipo musaone ngati woyendetsa mwambo ndi wankhanza. Nthawi imene mukudyayo ndi ya perekaniperekani, amene athandize anawa kubweza zomwe awononga, ndipo a ku Lirangwe akuyenera kupeza minibasi kusanade. Komanso kuno ndi ku Chileka, kwawo kwa a Kachamba ndi Black Missionaries, anthu miyendo imakhala ikuwayabwa. Mukatalikitsa, mnyamata wa zoimbira uja ayamba kukuikirani kanyimbo pansipansi, ndipo manyazi ake ndi aakulu.

Kuwerenga mokweza kumagwiranso ntchito ina. Paliponse pomwe lilime lapunthwa, pamenepo pali liwu lomwe si lanu. Amalume aja analemba penapake kuti "m'chaka cha ng'amba yoopsa". Powerenga ankakakamira pomwepo nthawi zonse. Ndinawafunsa kuti kumudzi mumati chiyani, akuti "chaka cha njala chija". Tinalemba zomwezo. Chimodzimodzi Chingerezi. Ngati simuchiyankhula tsiku ndi tsiku, musachiyambire pa ukwati pofuna kuopseza apongozi a m'tauni.

WOULUTSA: Nanga pepala, alitenge kapena aloweze pamtima?

APHUNZITSI: Alitenge, koma lisakhale lomwe analembapo zonse lija. Nkhani ya nkhoko munthu sangaiiwale, anaiona yekha, ndipo akamaiwerenga papepala imazizira. Chomwe chimathawa m'mutu ndi mayina a mafumu, chiganizo choyamba ndi chiganizo chomaliza. Zimenezo alembe ndi zilembo zikuluzikulu pa kapepala kolimba kokwana m'dzanja, pakati angolemba mawu okumbutsa: ganyu, khitchini, chala, njinga, mphika. Pafoni ayi. Imazima pakati pa chiganizo, kapena wina akuimbirani kufunsa njira ya ku holo.

WOULUTSA: Funso lomaliza, nthawi yatithera. Mawu ngati amenewa munthu atha kulira nawo. Achite bwanji?

APHUNZITSI: Adziwiretu pomwe misozi idzabwerere. Mukawerenga kunyumba kangapo mudzaona kuti mawu amanjenjemera pamalo amodzimodzi. Kwa amalume aja panali pa chala chija. Pamenepo ikani chizindikiro papepala. Mukafikapo tsitsani chimkuzamawu, pumani, yang'anani munthu amene sakulira, monga wojambula zithunzi, osati mchemwali wanu. Azimayi adzalulutira okha kukupatsani mpata. Musapepese, ndipo musayambe kufotokoza chifukwa chomwe mukulirira. Ndege ikamadutsa kuchokera pabwalo la Chileka chitaninso chimodzimodzi, idikireni ipite, musalimbane nayo. Ndipo mukanena chiganizo chomaliza, bwezani chimkuzamawu kwa mwini wake nthawi yomweyo, chifukwa amalume akaona kuti anthu akondwa amafuna kuwonjezera ya tonde ija.

WOULUTSA: (kuseka) Anawonjezera?

APHUNZITSI: Ndinawauza akazi awo kuti akhale pafupi, akangoti "komanso" awakoke jekete. Sizinafike pamenepo.

WOULUTSA: Sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzatenga pepala la mbali inayo, la azakhali a mkwati, amene apatsidwa mphindi ziwiri zokha kuti alandire mtengwa amene amuona kawiri basi.

(NYIMBO YOTSEKERA)